Mutu wa kafukufuku wabwezedwa katatu: tiukonze bwanji kuti uyezeke?

"Achimwene, ndili chaka chachinayi, ndikuphunzira zauphunzitsi. Mutu wa kafukufuku wanga ndi wakuti 'Masamba a mchezo ndi ophunzira'. Asupavayiza aubweza kawiri, amangolembapo kuti ndi wotambalala ndipo sungayezeke. Ndinawonjezerapo mawu akuti 'ku Malawi' koma aubwezanso. Ndatsala ndi semisita imodzi ndipo ndalama ndi zochepa. Ndiukonze bwanji?"

Achemwali, musanakhudze mawu a mutuwo, tengani pepala mujambule tebulo lopanda kanthu. Mzere uliwonse wopingasa ukhale wa munthu mmodzi amene mudzamufunse, ndipo pamwamba pa mzere uliwonse wotsika mulembe chinthu chimene mudzatenge kwa munthuyo. Asupavayiza akamawerenga mutu, m'mutu mwawo amakhala akujambula tebulo lomweli. Akaona kuti sakutha kudziwa amene adzakhale m'mizeremo kapena nambala imene idzalembedwe m'bokosi lililonse, ndi pamene amalemba kuti sungayezeke. Yesani ndi mutu umene muli nawowo, muona kuti cholembera chikukanika kuyenda: munthu woyamba mumzere ndi mwana wa sitandade 8, wa fomu 4 kapena mnzanu wa m'kalasi? Nanga bokosi loyamba mulembamo chiyani? Kuwonjezera dzina la dziko kunangokulitsa vutoli, chifukwa tsopano munalonjeza kuti mudzalankhula za wophunzira wa ku Chitipa ndi wa ku Nsanje yemwe, inu muli ndi ndalama ya minibasi imodzi.

Tiyambe ndi anthu, chifukwa apa ndi posavuta. Popeza mukuphunzira zauphunzitsi, mtima ukhoza kukukokerani kusekondale. Ine ndingakuletseni. M'sukulu zambiri za sekondale foni ndi yoletsedwa, ndiye mwana amene mukumufunsa kuti amatha maola angati pafoni mukumupempha kuti aulule mlandu, ndipo sadzakuuzani zoona. Komanso ambiri sanakwane zaka 18, kutanthauza kuti mufunika chilolezo cha makolo kuwonjezera pa cha ahedi ndi cha ofesi ya zamaphunziro. Makalata amenewa okha akhoza kudya theka la semisita. Anthu amene mungawafikire wapansi ndi ophunzira apasukulu yanu pomwepo, koma osati onse. Sankhani chaka chimodzi, mwachitsanzo chachiwiri, cha gawo lanu la zauphunzitsi. A chaka choyamba amakhala akuzolowerabe moyo wa pakoleji ndipo malikisi awo amagwedezeka ndi zambiri, a chaka chachinayi ndi anzanu ndipo adzakuyankhani zokusangalatsani. Chachikulu n'chakuti gululi lili ndi kaundula wake, ndiye mukhoza kunena kuti onse alipo angati. Tiyerekeze kuti alipo 240.

Tsopano masamba a mchezo. Apa ndikhalitsapo, chifukwa mitu yambiri imafera pano. Mawu amenewa akunyamula WhatsApp, Facebook, TikTok, Instagram ndi ena, pomwe ntchito zawo kwa wophunzira n'zosiyana kotheratu. Pa WhatsApp ndi pamene pali gulu la kalasi: manotsi amadzera pomwepo, uthenga wakuti lekichala sabwera umadzera pomwepo, mapepala a mayeso akale nawo pomwepo. Mtsikana amene watha maola awiri pa WhatsApp akhoza kukhala kuti amawerenga manotsi, kapena amakangana ndi chibwenzi. Mukaphatikiza mphindi zake ndi za mnyamata amene amaonera mavidiyo ovina pa TikTok, nambala imene mwapezayo sikutanthauzanso kanthu. Izi si maganizo anga okha. M'chaka cha 2012 katswiri wina wa ku America, Reynol Junco, anafalitsa kafukufuku wa ophunzira a kuyunivesite oposa 1,800. Anapeza kuti nthawi yochuluka pa Facebook inkayendera limodzi ndi malikisi otsikirapo, koma zochita zina pa tsamba lomwelo, monga kugawana maulalo a nkhani, zinkayendera limodzi ndi malikisi okwererapo. Ngati tsamba limodzi lokha likukokera uku ndi uku, nanga masamba asanu mukawathira m'bokosi limodzi?

Choncho sankhani limodzi. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kutenga onse poopa kuti ntchito idzaoneka yochepa, koma paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndikadakhala inu ndikadatenga TikTok, chifukwa ambiri amalowapo kukasangalala, ndiye mphindi zake zili ndi tanthauzo lomveka kuposa za WhatsApp. Koma musatsimikize musanaone mafoni enieni. Pemphani ophunzira khumi a chaka china, osati amene mudzawafufuze, akuonetseni mafoni awo. Mukapeza kuti asanu ndi awiri mwa khumiwo alibe n'komwe TikTok chifukwa imatha bando, mzere wanu udzangodzaza maziro ndipo simudzakhala ndi chofananitsa. Zikatero tengani Facebook. Masamba enawo mukhoza kuwalembabe m'mizere yawoyawo patebulo, kungoti mutu unyamule limodzi.

Kusankha tsamba sikunathetse nkhani, chifukwa "kugwiritsa ntchito TikTok" nakonso kuli ndi miyezo ingapo: mphindi patsiku, maulendo amene munthu amatsegula, ndalama za bando pamwezi, kapena nthawi ya usiku imene amasiyira. Ndalama za bando zisiyeni, poti wina amagwiritsa ntchito intaneti yaulere ya pasukulu. Tengani mphindi patsiku. Funso n'lakuti mudzazipeza bwanji, ndipo njira imene pafupifupi wophunzira aliyense amathamangira, yolemba pa pepala la mafunso kuti "mumatha maola angati patsiku", ndi yofooka kwambiri. Junco yemweyo, mu kafukufuku wina amene anafalitsa mu 2013, anaika pulogalamu yowerenga nthawi m'makompyuta a ophunzira 45. Powafunsa, ankanena kuti amatha mphindi pafupifupi 145 patsiku pa Facebook, koma makompyutawo anaonetsa pafupifupi 26. Gawo lina la kusiyanako likhoza kuchokera pa nthawi ya pafoni imene pulogalamuyo sinkawerenga, komabe kafukufuku wambiri wobwera pambuyo pake watsimikiza kuti zimene anthu amanena ndi zimene makina amalemba zimangogwirizana pang'ono. Sikuti anthu amanama dala, munthu sayang'ana wotchi akamatsetsereza chala pafoni.

Mwayi wanu ndi wakuti foni imawerenga yokha. Pa mafoni ambiri a Android mukalowa mu Settings mupeza Digital Wellbeing, ndipo mukadina pachithunzi cha nthawi chija mumaona mphindi za pulogalamu iliyonse, tsiku ndi tsiku. Pa iPhone zomwezi zili pa Screen Time. Mumangopempha wophunzira kuti atsegule yekha, akuwerengereni masiku asanu ndi awiri apitawa, inu n'kumalemba. Tinene kuti wina wawerenga kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu: 40, 25, 60, 35, 90, 150 ndi 125. Zonse pamodzi ndi 525, mukagawa ndi 7 mupeza mphindi 75 patsiku. Nambala 75 ndiyo ikulowa m'bokosi lake. Taonani mmene Loweruka lasiyanirana ndi Lachiwiri, n'chifukwa chake tsiku limodzi silikwanira ndipo sabata iyenera kukhala yathunthu.

Njirayi ili ndi mabowo ake, ndipo muwadziwiretu kuti muwalembe nokha woyesa asanakufunseni. TikTok Lite ndi Facebook Lite zimaoneka ngati mapulogalamu apadera, ndiye amene ali ndi onse awiri muphatikize. Amene amalowa kudzera pa Chrome mphindi zake zimalembedwa pa Chrome. Za palaputopu sizioneka pafoni. Wina amabwereketsa foni kwa mnzake wogona naye chipinda chimodzi, wina ali ndi mafoni awiri, ndipo mafoni ena akale alibe n'komwe gawo lowerenga nthawili. Ikani funso limodzi lofunsa ngati foniyo amagwiritsa ntchito yekha, ndipo mugamuliretu kuti obwereketsa mudzawachotsa kapena mudzawaika padera. Manambalawa sasungidwanso mpaka kalekale, ndiye simungabwere mwezi wa mawa kudzafunsa za sabata ino. China: musawachenjeze kuti sabata yamawa mudzaona mafoni awo, chifukwa munthu akadziwa kuti akuwerengedwa amasintha khalidwe. Afikeni, apempheni chilolezo, muwerenge za sabata imene yadutsa kale.

Tabwera pa theka limene mutu wanu ulibiretu. "Ndi ophunzira" sakunena kuti chiyani cha ophunzirawo: malikisi, tulo, kujomba, nkhawa kapena kalembedwe ka Chingerezi. Ambiri apa amalemba kuti "kakhozedwe m'kalasi" n'kuganiza kuti amaliza, koma asupavayiza adzafunsabe kuti kakhozedwe koyezedwa ndi chiyani. Kufunsa wophunzira ngati amakhoza bwino, pang'ono kapena ayi si kuyeza kakhozedwe, ndi kuyeza mmene amadzionera. Kumufunsa malikisi ake n'kwabwinoko, koma amene sakhoza ndi amene amakonda kuwonjezerapo, ndipo ndi iwowo amene kafukufuku wanu akuwafuna kwambiri.

Avereji ya semisita yonse imaoneka yokopa koma ili ndi misampha iwiri. Ophunzira zauphunzitsi amatenga maphunziro osiyana, wina masamu wina Chichewa, ndipo 65 ya uku si 65 ya uko. Msampha wachiwiri ndi wa nthawi. Avereji imene ilipo panopa ndi ya semisita yatha, pomwe mphindi mukuwerenga ndi za sabata yatha. Mukhala mukufotokoza malikisi a miyezi yapitayo ndi khalidwe la dzulo, ndipo woyesa wakuthwa adzakugwirani pomwepo. Ya semisita ino idzatuluka inu mutapereka kale ntchito. Njira yotulukira ndi kupeza phunziro limodzi limene onse 240 amalowa pamodzi, lophunzitsidwa ndi lekichala mmodzi, n'kutenga malikisi a mayeso apakati pa semisita. Pepala ndi limodzi, wochonga ndi mmodzi, malikisi ndi apa 100. Mphindi za foni muwerenge masabata awiri kapena atatu mayesowo asanafike, osati sabata ya mayeso yeniyeniyo pamene aliyense amakhala atagwira buku, komanso osati sabata ya tchuthi.

Koma mawu akuti malikisi musawalembe m'mutu musanatsimikize kuti mudzapatsidwa. Malikisi ndi chinsinsi cha mwini wake. Mufunika wophunzira aliyense asayine kuti walola, mufunika kalata ya mkulu wa dipatimenti, ndipo mayunivesite athu ali ndi makomiti oona za chilungamo pa kafukufuku, monga UNIMAREC ku Zomba ndi MZUNIREC ku Mzuzu. Asupavayiza adzakuuzani ngati ntchito ya chaka chachinayi pasukulu yanu imadzera kumeneko kapena imathera ku dipatimenti. Njira imene alekichala amaimva msanga ndi iyi: inu mumawapatsa mndandanda wa manambala a kaundula a okhawo amene asayina, iwo amalemba malikisi, ndipo mukangolumikiza mizere mumafufuta manambala a kaundulawo n'kuika 1, 2, 3. Pitani mukawafunse sabata ino. Ndaonapo ntchito yabwino ikugwa mwezi womaliza chifukwa mwini wake anangoganiza kuti malikisi adzapezeka.

Chatsala ndi mawu olumikiza mbali ziwirizi, ndipo apa ophunzira amakonda kwambiri impakiti kapena ifekiti, chifukwa amamveka akuluakulu. Mawu amenewa ndi ngongole. Akulonjeza kuti mudzaonetsa kuti TikTok ndiyo yatsitsa malikisi, ndipo zimenezo zimafuna kuyesa kwenikweni: kugawa ophunzira m'magulu awiri mwa maere, gulu lina n'kuliletsa TikTok kwa milungu ingapo, kenako n'kufananitsa. Inu simuchita zimenezo. Mudzangoyeza zinthu ziwiri pa anthu omwewo n'kuona ngati zikuyendera limodzi. Ngakhale mutapeza kuti a mphindi zambiri ali ndi malikisi otsika, nkhani ikhoza kukhala yotembenuka: amene phunziro lamukanika kale ndiye amathawira pafoni. Kapena pali chachitatu chimene chikukoka zonse ziwiri. Wophunzira amene ali ndi ndalama ya bando tsiku lililonse ndi yemwenso sagona ndi njala ndipo ali ndi laputopu, ndiye mukhoza kudabwa kupeza kuti a TikTok kwambiri ndi amene akukhoza. Mawu oyenera ntchito yanu ndi ubale, ndipo mutu wolonjeza ubale sugwa ngakhale zotsatira zitatuluka mosiyana ndi mmene mumaganizira.

Zokoka za m'mbalizi simungazithetse zonse, koma ziwiri kapena zitatu zipatseni mizere patebulo. Yofunika kwambiri ndi mapointi a MSCE amene munthu analowera kuyunivesite, chifukwa amakuuzani mmene ankakhozera kale; kumbukirani polemba kuti apa nambala yaing'ono ndiyo yabwino, 6 ndiye pamwamba penipeni. Onjezani ngati ndi wamkazi kapena wamwamuna, ndi ngati amagonera pasukulu kapena amachita lendi kunja. Izi sizilowa m'mutu, zimakhala m'chigawo chofotokoza njira za kafukufuku.

Tsopano tebulo ladzaza mitu yake. Mzere woyamba ukhoza kuwerengeka motere: wophunzira 1, wamkazi, amachita lendi, mapointi 14, mphindi 75, malikisi 62. Mutu ungotuluka m'menemo:

"Ubale wa pakati pa mphindi za patsiku pa TikTok ndi malikisi a mayeso apakati pa semisita mwa ophunzira zauphunzitsi a chaka chachiwiri pa yunivesite yakutiyakuti."

Pouika m'Chingerezi musasinthe kanthu, chidutswa chilichonse chipite mmene chilili. Ngati dipatimenti yanu ili ndi malire a kuchuluka kwa mawu a mutu, chimene mungachotse ndi tsatanetsatane wa muyezo: "mphindi za patsiku" ikhoza kukhala "nthawi", ndipo dzina la phunziro ndi semisita zipite m'cholinga chachikulu. Zimene simungachotse ndi dzina la tsamba, chimene mukuchiyeza mwa wophunzira, ndi gulu la anthu. Ngati sukulu salola kutchulidwa dzina, lembani kuti yunivesite ina ya boma ya m'chigawo chakuti. Zokometsera zija zakuti "kafukufuku wozama wofuna kuunika" zisiyeni, sizionjezera bokosi lililonse patebulo.

Zolinga zing'onozing'ono nazo zichokera pomwepo, osavutika: kupeza mphindi zimene ophunzirawa amatha pa TikTok patsiku, kuona ngati mphindizo zikuyendera limodzi ndi malikisi, ndi kuona ngati ubalewo ukukhalapobe mukawerengera mapointi a MSCE. Mukaona kuti mwalemba cholinga chimene chilibe mzere wake patebulo, monga "kupeza njira zothetsera vutoli", dziwani kuti chatuluka kunja kwa mutu. Chimenecho chimanenanso kuti vuto lilipo musanayeze n'komwe.

Mutu woyezeka umakuuzaninso anthu angati akufunika. Madipatimenti ambiri amakonda njira ya Yamane ya 1967, pomwe n ndi anthu ofunika kuwafunsa, N ndi anthu onse a m'gululo, ndipo e ndi mlingo wa kulakwitsa umene mwalola:

```
n = N / (1 + N*e^2)
n = 240 / (1 + 240*0.05^2) = 150
```

Nambala 150 ndi yabwino, koma mudziwe kuti njirayi inapangidwira kuyerekeza gawo la anthu, monga angati pa 100 alionse ali ndi TikTok, osati kuyeza ubale. Pa ubale mawerengedwe ake ndi ena. Mphamvu ya ubale imayezedwa ndi nambala yoyambira pa -1 kufika pa 1, ndipo ziro amatanthauza kuti palibe. Kuti mukhale ndi mwayi wokwanira, wa 80 pa 100, wogwira ubale wa 0.3 ngati ulipodi, mufunika anthu pafupifupi 85. Ubale wofooka wa 0.2 umafuna pafupifupi 194. Kafukufuku wa masamba a mchezo ndi malikisi nthawi zambiri amapeza ubale wofooka, ndiye kalasi ya anthu 40 singakuthandizeni: mudzalemba kuti palibe ubale pomwe kwenikweni anthu anachepa. Ichi n'chifukwa china chosankhira phunziro lalikulu lija. Popeza ena adzakana ndipo ena mafoni awo sawerenga nthawi, ine ndikadapempha onse 240 n'kulemba bwinobwino kuti anavomera angati, anakana angati, ndipo anachotsedwa angati pa chifukwa chiti.

Kuwerengera kwake sikufuna pulogalamu yogula. Mphindi za anthu 150 zikakhala mumzere B ndipo malikisi awo mumzere C, mu Excel mumalemba:

```
=CORREL(B2:B151,C2:C151)
```

Musanakhulupirire yankho lake jambulani kaye chithunzi cha madontho, mphindi mbali ina malikisi mbali ina. Mphindi za foni siziyalana bwino: ambiri amaunjikana pansi, kenako pamakhala awiri kapena atatu a maola asanu ndi limodzi patsiku, ndipo anthu ochepa amenewa akhoza kukoka yankho lonse. Mukaona zotero gwiritsani ntchito njira ya Spearman, imene imasanja anthu kuyambira woyamba mpaka womaliza m'malo motenga manambala enieniwo, ndipo munene m'pulopozo kuti mudzatero.

Popita kwa asupavayiza tengani zinthu zitatu pa pepala limodzi: mutuwo, tebulo lija lili ndi mizere iwiri kapena itatu yongoyerekeza, ndi zimene munaona m'mafoni khumi aja. Tenganinso mutu wachiwiri m'thumba, wogwira ntchito ngati malikisi akanizidwa. Wosavuta ndi kusunga zonse mmene zilili n'kusintha chinthu chimodzi chokha, malikisi alowedwe m'malo ndi maola a tulo. Pamenepo wophunzira aliyense mumamupatsa kapepala ka masiku asanu ndi awiri kolembapo m'mawa uliwonse nthawi imene anagona ndi imene wadzuka, ndipo tsiku lobweza kapepalako ndi limene mumawerenga mphindi za sabata yomweyo pafoni yake. Chilolezo cha wophunzira ndi cha dipatimenti chimafunikabe, koma simudikira kabuku ka malikisi ka munthu wina. Kungoti muwapatse mapepala ochulukirapo kuposa chiwerengero chimene mukufuna, chifukwa pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri ena amakhala atataya, ndipo ena mudzaona ndi inki yofanana kuti adzaza masiku onse pa khomo la kalasi. Amenewo muwaike padera powerengera.